Sivi ya tsamba limodzi kapena ya masamba awiri: muziwerenga mizere

M'mashopu otayipa ndi kupanga fotokope pa boma la Mulanje, pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe mumatuluka masivi amitundu itatu. Ilipo ya tsamba limodzi, ilipo ya masamba awiri, ndipo ilipo yaitali ya masamba anayi kapena asanu, yomwe tsamba lake loyamba limakhala ndi dzina lokha pakati, lozunguliridwa ndi maluwa. Yachitatuyi tithane nayo msanga. Imayenera anthu ochepa: amene akufuna ntchito yophunzitsa pa yunivesite ngati ya MUST ku Thyolo, kapena yofufuza ngati ku malo ofufuza za tiyi ku Mimosa, chifukwa kumeneko amafuna mndandanda wonse wa zomwe munthu anafufuza ndi kusindikiza. Kwa kalaliki, dalaivala, kapitawo kapena makaniko, masamba asanu amangokwirira zomwe wolemba ntchito akufuna kuona, komanso mumalipira zambiri populinta. Mpikisano weniweni uli pakati pa tsamba limodzi ndi awiri.

Ambiri amaweruza nkhaniyi ndi zaka: amati wa zaka zochepa pa ntchito alembe tsamba limodzi, wa zaka zambiri alembe awiri. Muyeso umenewu umasokeretsa kuno kwathu, komwe munthu akhoza kukhala pa esiteti zaka 10 akugwira ntchito imodzimodziyo. Muyeso wodalirika ndi kuwerenga mizere.

Pepala la A4 ndi lalitali masentimita 29.7. Mukasiya masentimita 2.5 kumwamba ndi kumunsi, n'kulemba ndi zilembo za saizi 11 popanda kutalikitsa mizere, mumalowa mizere pafupifupi 50. Mitu ya zigawo ndi mipata yopumira maso zimadya mizere ngati 10. Mumatsala ndi 40. Funso ndi ili: zinthu zomwe zikuyankha chilengezo cha ntchito yomwe mukufunsira, osati mbiri yanu yonse, zikudzaza mizere ingati? Zikafika 40 kapena kuchepera apo, tsamba limodzi lakwana. Zikafika 60 kapena kupitirira, tsamba lachiwiri lili ndi ntchito yake. Pakati apo, pa 41 mpaka 59, m'pamene pali vuto, ndipo tibwererapo.

Tiyeni titenge mayi amene wakhala kalaliki wa pa sikelo, woyeza masamba a tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Wagwira nyengo zisanu ndi ziwiri zothyola tiyi, kulembedwa mvula ikayamba n'kuimitsidwa masamba akachepa, ndipo anagulitsaponso mu shopu ya zipangizo zomangira pa Luchenza. Tsopano akufunsira ntchito ya ukalaliki wa kusitolo yosungira katundu. Sivi yomwe anamutayipira ili ndi mizere 75, moti yadzaza masamba awiri. Mukaiona patali imaoneka yolemera. Mukaiwerenga mupeza kuti mizere 28 yapita ku nyengo zisanu ndi ziwiri zija, nyengo iliyonse mizere inayi yonena zomwezomwezo. Mizere 7 yapita ku tsiku lobadwa, mpingo, banja, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi mtundu. Maphunziro atenga 8 chifukwa ayambira ku pulayimale. Zokonda kuchita zatenga 4, lumbiro loti zonsezi n'zoona 3, ndipo anthu atatu omuchitira umboni adya 15.

Sivi imeneyi ndi ya tsamba limodzi yomwe yangotupa. Nyengo zonse zija zilembedwe ngati ntchito imodzi: dzina la esiteti, udindo, chaka choyamba ndi chomaliza, ndi mawu oti inali ntchito ya nyengo yothyola. Pansi pake pakhale mizere yonena zomwe ankachita, yokhala ndi manambala omwe angathe kuwaikira kumbuyo pa intavyu: anthu angati ankayezetsa pa sikelo yake, ankalemba m'kaundula kapena pa makina, ankayanjanitsa bwanji makilo a kumunda ndi a kufakitale. Mizere 7 yakwana. Kuphatikiza chonchi kulinso ndi phindu lina. Nyengo zikalembedwa payokhapayokha, wowerenga mothamanga amaona munthu wosiyasiya ntchito, pomwe zikaphatikizidwa amaona munthu amene esiteti inkamuitananso chaka ndi chaka.

Maphunziro atsike pa mizere 5: MSCE ndi chaka chake, maphunziro omwe chilengezo chatchula monga masamu ndi Chingerezi, ndi satifiketi ya kompyuta kapena ya kasungidwe ka katundu ngati ilipo. Amene ali ndi MSCE safunika kulemba za pulayimale. Za mpingo, mtundu ndi banja zichoke. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusankha munthu potengera chipembedzo, mtundu kapena banja, ndiye palibe chifukwa chodziperekera mizere pa zinthu zomwe siziyenera kuyezedwa; tsiku lobadwa lilembedwe pokhapokha chilengezo chatchula zaka. Lumbiro lija lichokenso, chifukwa kalata yofunsira ntchito mumaisayina kale. Okuchitirani umboni musawachotse, popeza zilengezo zambiri kuno zimafuna atatu, koma aliyense akwane m'mizere itatu: dzina ndi udindo, malo antchito, nambala ya foni kapena imelo. Mukawonkhetsa, dzina ndi foni 3, maphunziro 5, esiteti 7, shopu 4, luso 3, aumboni 9, zikukwana 31. Mizere 9 yotsalayo ipite ku shopu ya pa Luchenza, chifukwa kulandira katundu, kuwerenga wotsala ndi kulemba malisiti ndi zomwe zikufanana kwambiri ndi ntchito ya kusitolo. M'sivi yoyamba ija gawo limeneli linali pa tsamba lachiwiri, kumunsi.

Tsopano tiyike pambali pake bambo amene wakhala akukonza makina m'mafakitale a tiyi kwa zaka 14, kwa olemba ntchito anayi, ndipo akufunsira uforomani woyang'anira okonza makina pa fakitale ina ku Mulanje. Iyenso tichotse zosafunika zonse zija. Dzina ndi foni 3, chidule cha luso lake 3. Ntchito yomwe akugwira pano ikufuna mizere 10, chifukwa ndi momwe muli umboni woti amatsogolera anthu, amakonza ndondomeko yokonzera makina m'miyezi yomwe masamba achepa, ndipo amaitanitsa zitsulo zosinthira. Ya m'mbuyo mwake 8, ziwiri zakalezo 4 iliyonse. Mapepala a luso, kuyambira giredi 3 mpaka giredi 1 kapena satifiketi za TEVETA, pamodzi ndi MSCE, atenga 8. Maphunziro afupiafupi a chitetezo pa ntchito, boyila ndi chithandizo choyamba, 6. Makina omwe amawadziwa, monga mafani ofotetsera masamba, makina a CTC odula tiyi, choumitsira ndi jenereta, 5. Aumboni 9. Zonse pamodzi ndi 60.

Apa kufinyira pa tsamba limodzi n'kudziwononga. Kuti 60 ilowe pa malo a 40, mwina muchotsa makina ndi mapepala omwe akuyang'anidwa pa kusankha, mwina muchepetsa zilembo kufika pa saizi 9 ndi kudya m'mphepete mwa pepala. Zilembo za 9 zimaoneka bwino pa kompyuta, koma sivi yanu ikapangidwa fotokope kuti aliyense wa pa gulu lofunsa mafunso akhale ndi yake, zimagwirana n'kuda, ndipo mawu a m'mphepete amadulidwa. Musatsike pansi pa saizi 10, ndipo m'mphepete musachepetse kuposa masentimita 2. Ngati ndi malire amenewa sizikulowa, tsegulani tsamba lachiwiri mosakayika. Namwino kapena dokotala wamng'ono amene wagwira m'zipatala zingapo amafikanso pamenepa msanga, chifukwa ayenera kuonetsa kalembera wake ku bungwe loyang'anira ntchito yake, mawodi omwe wagwiramo ndi maphunziro owonjezera.

Kusiyana kwa anthu awiriwa si zaka zokha. Mayi uja anali ndi zinthu zobwerezabwereza, bamboyu ali ndi zinthu zosiyanasiyana zomwe chilichonse chikuyankha mzere wina wa m'chilengezo. Njira yodziyesera ndi yosavuta: pulintani, tengani cholembera, ikani chilengezo pambali, ndipo chongani mzere uliwonse wa pa tsamba lachiwiri womwe mungaloze pomwe ukuyankha m'chilengezomo. Aumboni musawawerengere. Ngati mizere yochongedwa siyikufika 10, tsambalo ndi lonyamula mphepo.

Sivi yoipa kuposa zonse ndi ya tsamba limodzi ndi kachidutswa, yomwe tsamba lachiwiri lili ndi mizere inayi kumwamba, kwinako mbee. Nthawi zambiri mlandu si wa mawu koma wa kompyuta. Word yambiri imayamba ndi pepala la Letter, lomwe ndi lalifupi ndi pafupifupi masentimita awiri poyerekeza ndi A4, choncho lowani pa Layout, kenako Size, musankhe A4. Imaikanso mpata pansi pa ndime iliyonse. Pa Paragraph, tsitsani Spacing After kufika pa 4 ndipo Line spacing ikhale Single. Ziwirizi zokha zimabweza mizere ingapo. Ikatsalabe, fufuzani mizere yomwe yathera ndi liwu limodzi lokha pa mzere watsopano, mufupikitse chiganizocho. Mukamaliza sungani ngati PDF, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina yopanda mtundu wa zilembo zomwe munasankha, mizere imasuntha ndipo kachidutswa kaja kamabwerera.

Amene wasankha masamba awiri akumbukire kuti loyamba limawerengedwa ndi aliyense, lachiwiri ndi amene loyamba lamukopa. Choncho pepala lalikulu lomwe chilengezo chafuna, monga giredi 1 ya bambo uja, litchulidwe m'chidule cha pamwamba ngakhale mndandanda wonse wa maphunziro uli kumbuyo. Ntchito imodzi isaduke pakati, mutu wake kumunsi kwa tsamba loyamba, zochita zake kutsamba linalo. Pamwamba pa tsamba lachiwiri pakhale dzina lanu ndi nambala ya tsamba, chifukwa popanga fotokope amachotsa sitepula ndipo mapepala amasakanikirana ndi a anzanu. Pa chifukwa chomwecho musapulinte kutsogolo ndi kumbuyo kwa pepala limodzi pofuna kupulumutsa ndalama: wopanga fotokope akhoza kujambula kutsogolo kokha osazindikira kuti kumbuyo kuli mawu.

Kalata yofunsira ntchito ndi mafotokope a masatifiketi siziwerengedwa pa kutalika kwa sivi, ndipo zomwe zili m'masatifiketi omwe mwaphatikiza, monga magiredi a phunziro lililonse, simufunika kuzikoperanso. Chilengezo chikanena chokha kuti sivi isapitirire masamba awiri, kapena kuti mudzaze fomu yawo, mawu amenewo amaposa kuwerenga konse kwa mizere, ndipo bambo wa mizere 60 uja akapatsidwa malire a tsamba limodzi ayambe kudula pa ntchito ziwiri zakalezo, iliyonse itsale ndi mzere umodzi wa dzina la fakitale, udindo ndi zaka.