Ndemanga: makhadi a ukwati a m'Chichewa ndi Chingerezi, mawu abwino koma muwerenge musanalole kusindikiza

Komiti yathu inaitanitsa makhadi 150 kwa wina amene amalemba mawu, kukonza maonekedwe a khadi n'kusindikiza yekha. Pa nyenyezi 5 tikumupatsa 4. Pepala ndi lolimba, la 300 gsm, saizi ya A5, Chichewa mbali imodzi, Chingerezi kuseri. Inki siimatuka ngakhale khadi litagwidwa ndi manja a thukuta. Za pepala n'zomwezo. Pamene pali nkhani ndi pa mawu.

Chimene anachita bwino n'chakuti sanamasulire mzere ndi mzere. Chingerezi anachilemba mwachidule, monga mwa chizolowezi chake, koma Chichewa anachipatsa ulemu wake. Chinayamba ndi mabanja, osati ndi mkwati ndi mkwatibwi: "Banja la a Uje pamodzi ndi banja la a Uje akukuitanani ku mwambo wodalitsa ukwati wa ana awo." Akuluakulu akawerenga zimenezi amaona kuti aitanidwa ndi akuluakulu anzawo. Anafunsanso pasadakhale ngati pali kholo lomwe linatisiya, kuti dzina lake likhale ndi "malemu", komanso ngati amalume amene analera mkwatibwi alembedwe. Funso limeneli osindikiza ambiri safunsa, ndipo ndi limene limadzabweretsa kung'ung'udza makhadi atagawidwa kale.

Pa tsiku ndi nthawi m'pamene anapunthwa. Pa chitsanzo choyamba chimene anatumiza pa WhatsApp, mbali ya Chingerezi inali ndi 5/9, pamene ya Chichewa inali ndi "Loweruka pa 5 Sepitembala". Kwa ife 5/9 ndi 5 Sepitembala, koma wachibale wozolowera kalembedwe ka ku Amereka amawerenga kuti 9 Meyi. Musaganize kuti kulemba dzina la tsiku kupulumutsa. Masiku awiriwa atalikirana ndi masabata 17 enieni, choncho 5 Sepitembala akagwa Loweruka, 9 Meyi wa chaka chomwecho nayenso amakhala Loweruka. Mankhwala ake ndi kulemba mwezi m'mawu mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi chaka.

Nthawi nayo inali imodzi yokha, "9 koloko", pomwe ukwati uli ndi mbali ziwiri, kutchalitchi ndi kumadyerero, ndipo si onse amapita konsekonse. Titakonza zinakhala chonchi: "Kudalitsa ukwati: 9 koloko m'mawa. Chonde mukhale mutafika pofika 8:30. Madyerero: 1:30 masana mpaka 5 koloko madzulo." Nthawi yofika ndi nthawi yoyamba zikhale zosiyana, chifukwa mukalemba imodzi, anthu amaitenga ngati yonyamukira kunyumba. Nthawi yotsekera ndi yofunika kwa amene akuchokera kutali ndipo ayenera kupeza basi kusanade. Chenjeraninso ndi 12 koloko. Mbali ya Chingerezi 12:00 pm ndi 12:00 am zimasokoneza ngakhale ophunzira, koma Chichewa chimangoti "12 koloko masana" nkhani n'kutha. Malo alembedwe ndi dzina lomwelo mbali zonse, osamasulira dzina la holo kapena la tchalitchi, poti munthu akamafunsa njira amatchula zimene zalembedwa pachikwangwani.

Zovala ndi pamene chilankhulo chathu chimafuna kuthandizidwa. Mtundu wa ukwatiwu unali wofiira modera, wonga wa vinyo, pamodzi ndi wagolide. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la mtundu umenewo. Wolemba anangoika "zofiira", ndipo "zofiira" zimanyamula chilichonse, kuyambira mtundu wa tomato mpaka wa njerwa yootcha. "Zobiriwira" nazo n'chimodzimodzi, ena amaphatikizamo ndi buluu. Iye mwini ndi amene anapeza njira: anasindikiza timabwalo tiwiri ta mitunduyo m'munsi mwa khadi, tokula ngati ndalama yachitsulo, n'kulemba kuti "mitundu yake ndi iyi". Munthu amatha kupita nalo khadilo kwa telala kapena kogula nsalu n'kuyerekeza. Dziwani chabe kuti mtundu wa pa foni ndi wa pa pepala sufanana kwenikweni. Pa foni umawala, pa pepala umadera, ndiye pemphani khadi limodzi losindikizidwa muliyike pafupi ndi nsalu panja masana.

Chinanso chimene chitsanzo choyamba sichinanene n'chakuti mitunduyo ndi ya ndani. Popanda kufotokoza, alendo amaganiza kuti akukakamizidwa kusoketsa, ena n'kulephera kubwera chifukwa cha manyazi. Mzere umodzi unakwanira: "Nsalu ya ukwati ndi ya achibale ndi a komiti. Alendo valani zaulemu, ndipo amene angathe atsate mitunduyi."

Pa mphatso tinakambirana nthawi yaitali ndithu. Mkwati ndi mkwatibwi ankafuna ndalama m'malo mwa katundu. M'Chingerezi zimenezi zimanenedwa m'mawu atatu osapsetsa mtima munthu. Zitabwera m'Chichewa zinali "Osabweretsa mphatso zokutidwa", ndipo aliyense wa ife atawerenga anangoti, ayi, izi ndiye kukalipira alendo. Gogo amene wakonza kale lichero ndi mbale zake angamve kuti akukanidwa. Zinasinthidwa kukhala: "Kubwera kwanu ndi mphatso kale. Padzakhala perekani-perekani, ndipo amene angakonde kupereka mphatso, banja latsopanoli lingathokoze itakhala ya ndalama." Apa mbali ziwirizi ziyenera kusiyana dala. Wowerenga Chichewa safunika kumuuza kuti perekani-perekani n'chiyani, koma mlendo wochokera kunja amafunika chiganizo chimodzi chomuuza kuti anthu amaitanidwa m'magulu, amavina akuponya ndalama, choncho abwere ndi makwacha osinthasintha. Wolemba anachiika bwino chiganizo chimenecho.

Manambala a Airtel Money ndi TNM Mpamba anawaika limodzi ndi dzina limene limatuluka munthu akamatumiza, kuti wopereka asakayike. Musanavomereze, tumizani kandalama kochepa pa nambala iliyonse mukuiwerenga kuchokera pa chitsanzocho, osati pamtima. Manambala awiri a m'kati mwa nambala ya foni akasinthana malo, diso silimaona.

RSVP anaisiya mbali ya Chingerezi, ndipo mbali ya Chichewa anati "Chonde tidziwitseni ngati mudzabwere pasanafike pa 20 Ogasiti", ndi nambala ya wapampando wa komiti. Analembanso kuti "Khadi ili ndi la anthu awiri", zimene zimanena za ana ndi operekeza popanda kuwatchula.

Nyenyezi yachisanu yatayika chifukwa cha zilembo. Malembedwe opendekera amene anasankha pa mutu alibe ŵ, ndiye pa dzina lina la banja panatuluka chilembo cha mtundu wina, chooneka ngati chomatidwa. Kachizindikiro ka m'mawu ngati "m'mawa" kanasowa malo awiri. Ndipo popeza Chichewa chimatalika kuposa Chingerezi, anachepetsa zilembo zake kuti zikwane, chikhalirecho amene akuwerenga mbali imeneyi ambiri ndi achikulire a maso otopa. Tinamuuza achotse vesi lachiwiri ndi maluwa a m'mphepete, zilembo zikule. Anakonza osalipiritsa, koma panapita zitsanzo zitatu ndi masiku anayi owonjezera. Ngati mukufuna kugawa makhadi kutatsala masabata 6, yambani naye kutatsala 9, ndipo chitsanzo chomaliza chiwerengedwe mokweza ndi anthu awiri, wina atagwira Chichewa wina Chingerezi, akufananiza tsiku, maola, malo ndi manambala.