Nambala ya 31% ija, patapita miyezi tikuigwiritsa ntchito

"Achimwene, WACC ya 31% munatiwerengera mu 2024 ija tipitirize nayo, kapena yatha ntchito?"

Njira yake musaitaye, mlongo wanga, koma nambalayo ikufunika kuikweza, ndipo chimene chikuikweza ndi chinthu chimodzi chokha mwa zonse zimene zinalowa m'masamu aja.

Ndikumbutse amene sanaone lipotilo. Kampani yake ndi yaing'ono, yolima ndi kupuntha mpunga kuno ku Chigwa cha Shire, ndipo inkafuna kugula mapampu oyendera dzuwa a ulimi wothirira. Bodi inkafuna kudziwa phindu lochepetsetsa limene ntchitoyo iyenera kubweza pachaka kuti abanki ndi eni masheya onse akhutire. Imeneyo ndiye WACC. Ndinaika kuti 40% ya mpamba ndi ngongole, 60% ndi ya eni ake, potsata mlingo umene bodi inagwirizana kuti izikhalapo, chifukwa masheya a kampaniyi sagulitsidwa pamsika ndiye alibe mtengo woti munthu angauwerenge.

Mbali ya ngongole yapirira bwino. Banki inkabwereketsa pa chiwongoladzanja cha 30%, ndipo kalata yake ndinaimata kumapeto kwa lipoti, choncho palibe anatsutsa. Popeza chiwongoladzanja chimachotsedwa msonkho wa makampani wa 30% usanawerengedwe, mtengo weniweni wa ngongoleyo unatsika kufika pa 21%. Banki Yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26% mu February 2024 n'kuchisiya pomwepo chaka chonsecho, ndiye mbali iyi sinasunthe. Chenjezo limene ndinalemba m'munsi mwake likadali loona: 21% imagwira m'chaka chimene kampani yapanga phindu lokhomedwa msonkho. Chaka chimene madzi akokolola munda, mpumulo wa msonkhowo umachedwa kufika, koma banki imafuna chiwongoladzanja chake chonse mwezi ndi mwezi.

Mkangano unali pa mpamba wa eni ake. Ndinayamba kuwerenga m'madola kenako n'kutembenuzira m'makwacha, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndi njira imene munthu angaiteteze mzere ndi mzere:

```
beta = 0.8 × (1 + 0.7 × 40/60) = 1.17
Ke($) = 4.5 + 1.17 × 5 + 12 = 22.4%
Ke(MK) = 1.224 × 1.15 / 1.025 − 1 = 37.3%
WACC = 0.6 × 37.3 + 0.4 × 21 = 30.8%
```

Ke ndi phindu limene eni ake amafuna, beta ndi muyeso wa mmene masheya a kampani amasunthira msika ukasuntha, 5 ndi phindu lowonjezera limene anthu amafuna pa masheya, ndipo 1.025 ndi kukwera mitengo kwa ku Amereka. 4.5% ndi chiwongoladzanja cha ngongole za zaka khumi za boma la Amereka, chimene chinali cha m'ma 4 mpaka 4.5 nthawi imeneyo. Mkulu wina wa m'bodi anafunsa chifukwa chimene sindinangotenga 26% ya ngongole za boma lathu za masiku 364. Yankho linali loti m'kati mwa 26% imeneyo muli kale kukwera mitengo kwa zinthu komanso mantha a obwereketsa pa boma lathu, ndiye ukaitenga n'kuwonjezanso 12% ya chiopsezo cha dziko, wawerenga chinthu chimodzi kawiri. Komanso ndi ya chaka chimodzi, pomwe mapampu tikuwayembekeza kugwira zaka khumi. Ndinaigwiritsa ntchito ngati choyezera basi: mwini kampani sangafune phindu lochepera limene boma likupereka, kapena lochepera 30% ya banki, pakuti iye ndi womaliza kulandira zinthu zikavuta. 37% inaposa zonse ziwiri.

Za beta anthu anafunsa kuti bwanji osatenga ya Illovo, poti munda wake wa nzimbe uli pa Nchalo pompa ndipo ili pamsika wa masheya ku Blantyre. Msika umenewu uli ndi makampani ochepa, mabanki ndi amafoni ndi amene amaukoka, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa. Beta yochokera pamenepo imaoneka yotsika chifukwa mtengo sunasunthe, osati chifukwa bizinesiyo ilibe chiopsezo. Ndinatenga 0.8 poyang'ana makampani a zaulimi ndi zakudya a m'maiko ena, nditachotsa ngongole zawo, n'kuikamo yathu. Miyezi yonseyi palibe chimene chandipatsa chifukwa choisinthira, ndipo ngakhale itakhala 1.0 m'malo mwa 0.8, WACC ingakwere ndi 1% yokha.

Chimene chafooka ndi 1.15 uja. Akutanthauza kuti pa zaka khumi mitengo ya zinthu izikwera ndi 15% pachaka tikaphatikiza zaka zoipa ndi zabwino. Polemba lipoti mitengo inali kukwera ndi 30% kapena kuposa, kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu November 2023, ndipo 15% inkadalira kuti zinthu zikhazikika msanga. Sizinatero, chiwerengerocho chinakhala chikuzungulira pafupi ndi 30% pomwepo mu 2024 ndi 2025. Mukaika 1.20, mpamba wa eni ake ufika 43%, ndipo WACC ifika 34%. Tebulo losonyeza zimenezi linali kale pa tsamba lachiwiri la lipoti, ndipo pa masamba onse ndi limene latithandiza kwambiri, chifukwa bodi inavomereza mapampu ikudziwa kuti ntchitoyo imabwezabe ndalama pa 34%.

Koma pano samalani. Mukakweza nambala imeneyi, mukwezenso mtengo wa thumba la mpunga, malipiro a antchito ndi mtengo wa zipangizo m'tebulo la ndalama zolowa ndi zotuluka, ndi mlingo womwewo. Ndaonapo malipoti amene mitengo ya mpunga aisiya ya lero zaka khumi zonse n'kuichotsera pa 31%. Pamenepo ntchito iliyonse, ngakhale yabwino bwanji, imaoneka yoluza. Chizindikiro chake n'chosavuta: yang'anani mzere wa mtengo wa thumba, ngati chaka choyamba ndi chachisanu zikufanana, WACC ya makwacha siyoyenera tebulo limenelo.

Nkhani ya madzi osefukira ndi imene ndimaimva kwambiri mumtima, poti tonse tinaona minda itasanduka mchenga. Madzi anatipeza mu 2015, mu 2019, namondwe Ana anabwera mu January 2022, Freddy mu March 2023. Bambo wina wa m'bodi, munthu wodekha amene munda wake unakwiririka, anati, "Mwana wanga, onjezanipo 5% ya madzi, kuno si ku Lilongwe." Nkhawa yawo inali yoona, koma malo ake si mu WACC. Atandifunsa kuti bwanji 5 osati 3 kapena 10, ndikanasowa choyankha, ndipo chimene sungachifotokoze sichiyenera kulowa mu lipoti. Tinakhala pansi ndi mabuku a kampani n'kuona zimene zaka za madzi zinachita: zokolola zochepa, ndalama zochotsera matope m'ngalande, miyezi imene chigayo chinaima. Tinagwirizana kuwerenga ngati chaka chimodzi mwa zitatu zilizonse theka la zokolola limatayika, n'kuchotsa gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi pa zokolola za chaka chilichonse. Ubwino wake waoneka tsopano. Pamene bodi inkaganiza zokweza nsanja za mapampu ndi kumanga khoma lotchinga madzi, zinatheka kuwerenga kuti khomalo lipulumutsa ndalama zingati, chinthu chimene 5% yobisika m'chiwongoladzanja sikanationetsa.

Choncho pa msonkhano ukubwerawu mutenge 34%, mupemphe kalata yatsopano ku banki, ndipo mulembe tsiku pambali pa nambala iliyonse. 12% ya chiopsezo cha dziko muyiyerekeze ndi tebulo limene pulofesa Aswath Damodaran wa ku New York University amatulutsa mu January chaka chilichonse. Ikasiyana ndi yathu ndi 2%, WACC isuntha ndi pafupifupi 1.4%, ndipo zimenezo muzilembe mu lipoti bodi isanafunse.