Kakiyibodi kanga kapa TV, patatha miyezi ingapo ndikugwiritsa ntchito

Kakiyibodi kopanda waya komwe ndinagula chifukwa chotopa ndi kulemba pasiwedi ya waifai pa rimoti kakadalipo ndipo kakugwirabe ntchito, koma maganizo anga asinthako kusiyana ndi masiku oyamba aja.

Vuto lenilenilo ndi ili. Pasiwedi ya WPA2, mtundu wa chitetezo cha waifai womwe ndimagwiritsa ntchito, imakhala ya zilembo 8 mpaka 63, yanga ili ndi 20, zazikulu ndi zazing'ono, manambala komanso @ pakati. Pa rimoti chilembo chilichonse umachita kuchilondola ndi mivi, kumanja kumanja pansi kenako OK, ukafuna chachikulu ubwerere kaye ku Shift, ukafuna @ usinthe tsamba lonse la zilembo, ndiye ukamaliza TV ingoti yalephera kulumikiza osakuuza kuti walakwitsa pati, basi kuyambiranso.

Kakiyibodika ndi kaja kobwera ndi kachitsulo kakang'ono kobaya pa USB kumbuyo kwa TV. Apa ndiye sindikudandaula ngakhale pang'ono, chifukwa TV imakaona ngati kiyibodi wamba ya waya, ukangobaya kayamba pompo. Ya Bluetooth imafuna ulowe kaye mu Settings kuti uyigwirizanitse ndi TV, pomwe aka kanagwira ngakhale pa sikirini yoyambirira TV itafufutidwa zonse. Apu ya rimoti ya pafoni nayo siyithandiza pa nthawi imeneyi, zambiri zimafuna foni ndi TV zikhale pa netiweki imodzi, chonsecho TV yo sinalowe n'komwe.

Chimene chinandizunguza mutu ndi @ uja. Ndimalemba bwinobwino koma TV kumakana, mpaka ndinachonga Show password n'kuona kuti pamalo pa @ pakubwera ". Nkhani yake ndi yakuti pa kiyibodi ya US, Shift ndi 2 zimatulutsa @, pomwe pa ya UK mabatani omwewo amatulutsa ". Kakiyibodi kanga kanalembedwa mwa US koma TV inali pa UK. Ndinasintha mtundu wa kiyibodi mu Settings n'kutheka. Ngati yanu ilibe posinthira, lembani zilembo zonse pa kiyibodi koma chizindikirocho musankhe ndi rimoti pa sikirini. Ndipo Show password muziichonga nthawi zonse, makamaka ngati mukukopera pa kapepala kapansi pa rauta pomwe 0 ndi O, kapena l ndi 1, zimaoneka zofanana.

Zofooka zake zinayamba kuoneka pang'onopang'ono. Kamadumpha zilembo ndikakhala patali, poti kachitsulo kaja kabisika kuseri kwa TV komanso kamayendera 2.4 GHz ngati waifai yomwe. Kachingwe kowonjezera ka USB kotulutsira kachitsuloko poyera kanathetsa zimenezo. Batire nayo imatha yokha kakakhalitsa mu dirowa, tsiku lomwe ukukafuna umapeza kathima uyambe watchaja. Komanso mapulogalamu ena a pa TV salola kiyibodi polemba zofufuza, amafunabe mivi.

Ena anandiuza kuti bwanji osangodina WPS. Zoona, ngati rauta ili ndi batanilo ndipo TV ili ndi WPS pa zosankha za netiweki, umasankha pa TV kenako n'kudina pa rauta pasanathe mphindi 2, zimalumikizana zokha osalemba kanthu. Koma ma TV ambiri atsopano anaichotsa, yanganso ilibe, ndipo rauta ikakhala pa chitetezo chatsopano cha WPA3 chokha WPS sigwira.

Tsono chimene chandithandiza kwambiri kuposa kakiyibodiko ndi china. TV imasunga dzina la netiweki ndi pasiwedi, sisamala kuti rautayo ndi iti. Nditasintha rauta sindinakhudze TV n'komwe, ndinalowa mu rauta yatsopanoyo pa foni, pa SSID, pomwe pamalembedwa dzina la netiweki, n'kulemba dzina lakale lija ndendende, chachikulu pa chachikulu chaching'ono pa chaching'ono, pasiwedi yomweyo, chitetezo n'kusiya pa WPA2 monga kale. Nditayatsa TV inalowa yokha, mafoni onse m'nyumba chimodzimodzi. Mukasintha chitetezo kupita pa WPA3 ndiye ikhoza kukana kapena kufunsanso pasiwedi, TV zakale zina siziidziwa n'komwe.

Chimene sindingachite ndi kufupikitsa pasiwedi kuti rimoti isanditopetse, kulemba ndi kwa tsiku limodzi koma netiweki yofooka ukhala nayo tsiku ndi tsiku. Mukamapanga yatsopano sankhani mawu anayi osagwirizana, a zilembo zazing'ono zokhazokha, imakhala yaitali ndithu koma pa rimoti simusintha tsamba kapena kufuna Shift.

Kodi ndingakagulenso? Ngati m'nyumba muli kale kiyibodi ya kompyuta ya USB, ayi, ingobayani imeneyo mulembe n'kuzula, ntchito yake ndi yomweyo. Kwa amene alibe, kapena amalowa maakaunti pafupipafupi pa TV, gulani ka USB osati ka Bluetooth.