Batire ya sodiyamu kapena ya lifiyamu pa sola ya ku Dedza

M'mabatire onsewa, tinthu tamagetsi totchedwa maayoni timapita ku mbali imodzi potchaja, n'kubwerera pamene magetsi akugwiritsidwa ntchito. Koma ayoni ya sodiyamu ndi yaikulu ndiponso yolemera, choncho batire yake imasunga magetsi ochepa pa kilogalamu: ya kampani ya ku China ya CATL ya 2021 inali ndi 160 Wh/kg, pamene zina za lifiyamu zimapitirira 250. Pa njinga yamoto kulemerako ndi vuto, koma pa batire yongokhala pakona m'golosale ku Dedza sikudetsa nkhawa.

Sodiyamu amapezeka mumchere wamba, ndipo batire yake imagwiritsa ntchito aluminiyamu m'malo mwa kopa wodula. Aluminiyamuyo amalolanso kuti batire ithe magetsi mpaka 0 V isananyamulidwe, zimene zimachepetsa ngozi ya moto, ngakhale kuti madzi a m'kati mwake amayakabe.