Miyezi 8 ndikuyerekeza GPS ya pafoni ndi mita ya galimoto

Ndinaika pulogalamu yoyeza mtunda pafoni chifukwa kuntchito amatibwezera ndalama za mafuta potengera makilomita. Sabata yoyamba yomwe, foni ndi mita ya padashibodi zinakana kugwirizana, ndipo ndinkaganiza kuti yonama ndi foni. Patha miyezi 8 tsopano.

Ndinayesera pamsewu wa M1, kuchoka mu Mzuzu kulowera ku Ekwendeni. Ndinabweza TRIP, mita yowerenga mtunda wa ulendo umodzi, pa 0, foni itakwana makilomita 20 n'kuima. Mita inali pa 19.0. Katatu konse, zomwezo.

Gwero lake linali matayala anga. Mita siiona msewu, imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati, n'kuchulukitsa ndi kukula kwa tayala lomwe galimoto inapangidwira. Yanga inabwera ndi tayala la saizi 175/65 R14, lomwe kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita 583. Ine pothawa maenje ndinavala 185/70 R14, la mamilimita 615. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limapita patali kuposa mmene mita ikuganizira, motero pa makilomita 100 enieni imalemba pafupifupi 95. Asanu amenewo ndinkawayenda ndi mafuta a m'thumba mwanga, ndipo zinandiwawa. Onani pepala lomatidwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, muyerekeze ndi zolembedwa pambali pa tayala lanu.

Mwezi watha ndinabwerezanso, mita inati 19.2. Matayala adyeka mamilimita 4, kutanthauza kuti afupika ndi 8, pansi ndi pamwamba. Tayala likamatha, mita imayamba kuwerenga zochulukirapo.

Foni nayo ili ndi pomwe imalephera. Imamvetsera masetilaiti kuti idziwe pomwe ili, kawirikawiri kamodzi pa sekondi, n'kulumikiza madonthowo ndi mizere yowongoka. Pamsewu wowongoka palibe chotayika. Koma potsika Chiweta, tsiku lina nditayatsa chosungira batire cha m'masetingi a foni, madontho anatalikirana, ndipo pamapu mzere unkadumpha makona n'kudutsa m'phompho. Phiri nalo limatchinga mbali ina ya thambo. Mukaona mzere wachoka pamsewu chonchi, dziwani kuti foni yadula mtunda. Ikakhala pamalo amodzi imachita zosemphana: ndinaiwala kuizimitsa nditaimika pamsika waukulu, ndinapeza yajambula timizere topiringizika n'kuwonjezera mamita 300.

Anzanga ankati chosiyanitsa foni ndi mita ndi zitunda, poti foni imayeza ngati dziko ndi lafulati. N'zoona, koma n'zochepa kwambiri: ngakhale msewu wokwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse umangowonjezera theka la kilomita pa makilomita 100.

Pulogalamuyi ndipitiriza nayo, foni ili pagalasi lakutsogolo, pachaja, chosungira batire chili chozimitsa. M'misewu yokhotakhota ngati wa ku Nkhata Bay ndimadalira mita, n'kuchulukitsa ndi 1.04, mpaka nditasintha matayala.