Mpikisano wangwiro ndi monopole: ndowa 30 zosowa ku chigayo

Mwezi uno wokha anzanga anayi a chaka choyamba andifunsa kusiyana kwa mpikisano wangwiro ndi monopole, msika wa wogulitsa mmodzi yekha, ndipo onse anabwera ataloweza kale mzere umodzi womwewo, wakuti monopole imagulitsa zochepa pa mtengo wokwera. Mzerewo ndi woona. Vuto ndi lakuti pa mayeso amakupatsani manambala, ndipo apo kuloweza kumakuthawani. Inenso ndinauloweza chaka chathachi, koma funso la malikisi 20 ndinapezapo 7 okha, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa chimene ndinalakwitsa chinali chinthu chimodzi. Ndiye ndalemba pano kuti ndiyankhe kamodzi.

Za kuchuluka kwa ogulitsa, kufanana kwa katundu ndi kulowa mumsika mosavuta sindikhalitsapo, zili mu manotsi anu. Mukafuna kuona mpikisano ndi maso, imani pa Lizulu mumsewu wa M1 basi ikaima. Amayi ambirimbiri ali ndi milu ya tomato yofanana, ndipo amene wakweza mtengo pang'ono amangoona wogula akusuntha phazi limodzi kupita kwa mnzake. Palibe amene amaika mtengo, aliyense amaupeza uli kale pamsika. Si wangwiro ndendende ngati wa m'buku, koma wayandikira.

Monopole ine ndinayidziwira ku chigayo. Kwathu kumudzi chinalipo chimodzi chokha, china chinali mtunda wa maola awiri wapansi, thumba lili pamutu. Tigwiritse ntchito chigayo chotere, ndi manambala amene ndawapeka kuti masamu ayende bwino. Tinene kuti kugaya ndowa imodzi kumadya K400, kuphatikiza dizilo, kutha kwa masefa ndi malamba, komanso kangachepe ka mwini kamene kamamuchititsa kuti asasiye bizinesiyo. Ndalama imeneyi ndiyo MC, mtengo wogayira ndowa imodzi yowonjezera, ndipo pano sikusintha. Zimene anthu a m'mudzimo angalipire tsiku lililonse zili motere:

P = 1000 − 10Q

Uwu ndiwo mzere wa dimandi. P ndi mtengo wa ndowa, Q ndi ndowa zogayidwa pa tsiku. Tanthauzo lake ndi lakuti mukafuna ndowa imodzi yowonjezera ibwere, muyenera kutsitsa mtengo ndi K10.

Zigayo zikakhala zambiri pamalo amodzi, wina akati K600 mnzake ati K550, wina K480, ndipo kutsikaku kumaima pa K400 poti pansi pake mwini akudzidyera mpamba. Choncho P = MC. Ikani 400 m'malo mwa P ndipo mupeza Q = 60. Mpikisano watha pamenepo: ndowa 60 pa K400.

Chigayo chikakhala chimodzi, nkhani imasintha pa chinthu chimodzi chimene ambiri sitichimvetsa bwino. Mayi wa tomato akagulitsa mulu wina, amalandira mtengo wonse wa pamsika, milu yake inayo siitsika. Mwini chigayo chokhacho, msika wonse ndi wake, ndiye akafuna kukopa ndowa ina amatsitsira aliyense amene ali pamzere. Taonani. Akugaya ndowa 30 pa K700. Kuti agaye ya 31 mtengo ukhala K690. Walandira K690 pa ndowa yatsopanoyo, koma wataya K10 pa iliyonse ya ndowa 30 zimene zikanalipira K700, ndiye K300 yapita. M'thumba mwalowa K390 yokha, chonsecho kugaya ndowayo kwamudyera K400. Saigaya. Bwererani m'mbuyo pang'ono: kuchoka pa ndowa 29 kufika pa 30, mtengo ukutsika kuchoka pa K710 kufika pa K700, walandira K700 n'kutaya K290, yatsala K410. Imeneyo ikuposa K400, choncho amaigaya. Ndi chifukwa chake amaima pa 30. Ndalama yolowa chifukwa cha ndowa yowonjezerayi ndiyo MR, ndipo ngati mzere wa dimandi uli wowongoka, MR imatsika mowirikiza kawiri:

MR = 1000 − 20Q

Mukalinganiza MR = MC, ndiye kuti 1000 − 20Q = 400, Q = 30, yankho lomwe lija tinalipeza powerenga ndowa imodzi imodzi.

Tsopano pamene ndinagwera. Nditapeza Q, ndinayang'ana pa girafu pamene mizere ya MR ndi MC ikudutsana, ndinakoka mzere kupita kumanzere, n'kulemba kuti umenewo ndiye mtengo. Mu chitsanzo chathuchi ndikanalemba K400. Kuchoka apo phindu linatuluka ziro, gawo lotayika linasokonekera, ndipo mafunso atatu otsatira onse anagwa nawo chifukwa amadalira nambala imodziyo. Pepala litabwera, aphunzitsi anali atazunguliza mtengowo ndi cholembera chofiira, ndipo nditawatsata ku ofesi anangondifunsa kuti: "Achimwene, munthu ali yekha pamsika, ndowa 30 anthu akulolera kulipira K700, angauzenso ndani kuti K400?" Ndinasowa choyankha. MR = MC imakuuzani kuchuluka kokha. Mtengo mumakautenga pa mzere wa dimandi: kwerani kuchoka pa Q = 30 mpaka muugunde, kapena bwezerani 30 mu P = 1000 − 10Q, mupeza K700.

Pali njira yodzigwira nokha musanapereke pepala. Tengani mtengo wanu ndi Q yanu muziike mu dimandi. Pa K400 anthu akufuna ndowa 60, inu mwalemba 30, ndiye kuti manambalawo sakugwirizana. Komanso mtengo wa monopole ukafanana ndi MC, kapena phindu likatuluka ziro popanda chifukwa, imani kaye.

Pa mtengo ndi kuchuluka ndiye mwaona, K400 ndi ndowa 60 mbali iyi, K700 ndi ndowa 30 mbali inayo. Kuti ndowa zatsika ndi theka ndendende ndi chifukwa chakuti dimandi ndi yowongoka ndipo MC sikusintha, musalitenge ngati lamulo la monopole iliyonse.

Nkhani yaikulu ili pa kagwiritsidwe ntchito ka chuma, ndipo apa ambiri amaloza bala lolakwika. Amati monopole ndi yoipa chifukwa mwini akudya phindu lalikulu. Tiwerengere. Pa mpikisano, munthu amene akanalolera K900 amalipira K400 n'kutsala ndi K500 m'manja. Mukaphatikiza zotsala za ogula onse, ndi thirayango ya msinkhu 600 ndi tsinde 60, theka la 600 × 60, yomwe ndi K18,000 pa tsiku. Pa monopole ogula amatsala ndi theka la 300 × 30, K4,500. Mwini amatenga K300 pa ndowa 30, K9,000. Phatikizani ziwirizi mupeza K13,500. K9,000 ija sinatayike, yangochoka m'chitenje cha wogayitsa n'kulowa m'kabati ya mwini, ndipo akatswiri a zachuma amaiwerenga ngati kusamuka kwa ndalama chabe. Yotayika ndi K4,500 imene ikupereweza kuti tifike pa K18,000. Imeneyo palibe amene waitenga. Pa girafu amailemba DWL, thirayango ya pakati pa dimandi ndi MC kuyambira pa ndowa 30 kufika pa 60. Ena amaitchula ndi dzina la Arnold Harberger, amene anayesa kuyeza kukula kwake m'mafakitale a ku Amereka mu 1954.

Kwa ine thirayango imeneyi ili ndi nkhope. Ndi mayi amene anali ndi K550 yomanga pansonga ya chitenje, kugaya ndowa yake kukanadya K400 yokha, onse awiri akanapindula, koma anabwerera ndi chimanga chake kukachisinja mumtondo. Agogo anga ankachita zimenezi, ndipo ndikukumbukira kulira kwa munsi m'mamawa chigayo chili zii, injini yozima, mnyamata wa pachigayo atakhala pa thumba kudikira anthu. Makina alipo, wofuna kugayitsa alipo, ufa sukutuluka. Ndikamamva wina akuti monopole ilibe vuto bola mwini akulipira msonkho, mtima wanga subwerera, chifukwa msonkho wa pa phindu umangokhudza K9,000 ija, ndowa 30 zija sizibwerera nawo.

Za kupanga katundu pa mtengo wotsikitsitsa ndingonena mwachidule: pa mpikisano, pakapita nthawi, amene akuwononga dizilo amatuluka yekha mumsika, pomwe amene ali yekha angathe kukhala ndi lamba woterereka chaka chonse popanda womukankha.

Komabe ndikanama ndikanena kuti mpikisano umapambana paliponse, ndipo funso lomaliza pa mayeso limakonda kubisala apa. Chitsanzo chathu chinangoyerekeza kuti chigayo chilibe ndalama zolipira kaya wagaya kaya sunagaye. Tiikepo K5,000 pa tsiku ya ngongole ya injini ndi lendi ya nyumba. Wogaya pa K400 tsopano akuluza K5,000 tsiku lililonse, ndipo atseka. Zigayo ziwiri zikagawana ndowa 50, chilichonse chikugaya 25, ndowa imodzi ikudya K600 poti K5,000 yagawidwa pa ndowa zochepa, pomwe chigayo chimodzi chogaya ndowa zonse 50 chikudya K500 pa ndowa. Mudzi woterewu sungathe kudyetsa zigayo zambiri, ndipo chimodzi ndicho chotsika mtengo. Iyi ndiyo monopole yachibadwa. Madzi a m'mipopi ndi mawaya a magetsi zili m'gulu limeneli, palibe nzeru yokumba mapaipi awiri mumsewu umodzi, n'chifukwa chake kuno mitengo ya magetsi ya ESCOM imayenera kuvomerezedwa ndi MERA m'malo mosiyira mpikisano.

Pamenepa kuyerekeza koyenera sikulinso pakati pa K400 ndi K700, chifukwa K400 ija siingatheke. Kuli pakati pa mwini wosiyidwa yekha ndi mwini woikiridwa malire. Wosiyidwa yekha amakhalabe pa ndowa 30 ndi K700, poti ngongole ndi lendi sizisintha MR kapena MC, zimangochepetsa phindu lake kufika pa K4,000. Woikiridwa mtengo wongokwanira kubweza zonse zimene walowetsa amagaya ndowa 50 pa K500: walandira K25,000, kugaya kwadya K20,000, yotsalayo yalipira ngongole ndi lendi. Thirayango yotayika yatsika kuchoka pa K4,500 kufika pa theka la 100 × 10, K500 yokha.

Ine ndili mbali ya mpikisano kulikonse kumene msika ungakwanitse kusunga ogulitsa ambiri, ndipo munsi wa agogo uja uli nawo m'chigamulo changachi. Kumene sungakwanitse, monga mudzi wa K5,000 uja, ndisankha chigayo chimodzi cha K500 choyang'aniridwa, osati cha K700. Funso likakupatsani ndalama zosasinthazi, yambani mwagawa ndalamazo ndi Q ya mpikisano n'kuona ngati wogulitsa pa P = MC angapulumuke, musanalembe kuti boma liphwanye kampaniyo pawiri.