Kulumikiza masikweya a bulangete: silipi sitichi kapena msoko wa singano?

Kuzizira kwa Juni kukamayandikira kuno ku Harare, ambiri a ife timakhala tili ndi thumba lodzaza masikweya a girani, tizidutswa ta ngodya zinayi toluka ndi kachitsulo kokowa kotchedwa huku, amene taluka chaka chonse, ndipo funso limakhala la kalumikizidwe. Njira zimene timakanganirana ndi ziwiri: kulumikiza ndi huku yomweyo pogwiritsa ntchito silipi sitichi, kapena kusoka ndi singano yobuntha msoko wosatumphuka umene ena amati matiresi sitichi. Zonse ziwiri zimagwira. Kusiyana kwake kwenikweni kuli pa kutamuka kwa msoko. Sikweya ya girani ili ndi mipata yambiri, imatamuka mosavuta, ndiye msoko ukakana kutamuka nayo limodzi bulangete limachita matumbamatumba.

Titenge bulangete la mwana wa sukulu. Ulusi ndi wa akiriliki, wa dabulo niti uja umadzadza m'masitolo a m'tauni, huku ndi ya mamilimita 4, ndipo sikweya iliyonse ili ndi mizere 5 yozungulira, kukula kwake pafupifupi masentimita 12. Mukaika masikweya 8 m'lifupi ndi 10 m'litali ndiye kuti alipo 80. Ngati simuika tcheni pakati pa magulu a matirebulo, masitichi aatali amene amapanga sikweyayo, kupatula matcheni awiri a pa kona, mbali iliyonse ili ndi matirebulo 15, kuonjeza tcheni imodzi ku kona iliyonse, zonse pamodzi 17. Choncho msoko umodzi wa m'litali uli ndi masitichi 170.

Silipi sitichi ndi sitichi yothina mwachibadwa. Ikamafupika ndi theka la milimita chabe pa sitichi iliyonse, diso silingaone kanthu pa sikweya yoyamba, koma pofika ya 10 msoko wafupika ndi masentimita opitirira 8. Masikweya akadali ndi utali wawo wakale, ndiye alowera kuti? Amatukumuka pakati. Nchifukwa chake polumikiza ndimasiya huku imene ndinalukira n'kutenga ya mamilimita 5, kapena ya 4.5 ngati dzanja lanu ndi lomasuka kale. Mukalumikiza masikweya awiri oyamba, agwireni uku ndi uku n'kukoka motsata msoko. Ngati msoko waima nji ngati chingwe pamene mbali zake zikutamuka, masulani, muyambenso ndi huku yokulirapo.

Silipi sitichi yomweyi ili ndi kalukidwe kawiri, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezana akamatsutsana. Pamwamba pa sitichi iliyonse pali timaulusi tiwiri tooneka ngati chilembo cha V. Ena amaphatikiza masikweya maso ndi maso n'kumalowetsa huku m'timaulusi tonse tinayi. N'zachangu ndithu, komanso zolimba, koma kumbuyo kumatsala mzere wotumphuka umene umamveka ukagonera. Kwa amene akufuna bulangete losalala, kalukidwe kabwino n'kogoneka masikweya pathebulo moyandikana, maso ake ali kumwamba, ulusi uli pansi pake. Huku ilowe kuchokera pamwamba m'kaulusi kakumbuyo ka sikweya ya kumanja, kenako m'kakumbuyo ka ya kumanzere, ikole ulusi pansipo n'kuutulutsa m'zonse zili pa huku kamodzi. Pamwamba pamatuluka katcheni kogona bwino pakati pa masikweya. Katcheniko kamaoneka, sikabisika, choncho sankhani mtundu wa ulusi umene mukufuna kuti anthu auone.

Msoko wa singano nawo masikweya amagona chimodzimodzi, maso kumwamba. Singano imatola kaulusi kakumbuyo ka kumanja, idumphire kumanzere, ibwerere kumanja pa sitichi yotsatira, ndipo mukasoka masitichi atatu kapena anayi mumakoka pang'ono mpaka mbali ziwirizo zitakhudzana. Zikhudzane basi, zisakwinyike. Ukakhala wosokedwa bwino, ulusi umalowa mkati osaonekanso, moti sikweya yofiira ndi yobiriwira zimakumana popanda mzere wachitatu pakati. Kusalala kwake silipi sitichi sifikako, ndipo bulangete limagwa mofewa pathupi.

Koma mtengo wake ndi nthawi ndi michira. Bulangete lathu lija lili ndi misoko 7 ya m'litali ndi 9 ya m'lifupi, zomwe ndi mbali 142 zoti zilumikizidwe. Ndi huku, ulusi umachokera ku mpira osadulidwa, ndiye msoko uliwonse uli ndi michira iwiri yokha, yonse pamodzi 32. Ndi singano simungakoke ulusi wautali kwambiri, chifukwa ukamadutsa m'mabowo kambirimbiri umayamba kunyenyeka ndi kupotana. Mumadula wotalika ngati mkono, ukatha mumalumikiza wina, ndipo polumikiza paliponse pali michira iwiri yofunika kuibisa. Pamenepo ndi pamene msoko umadzamasuka pakapita chaka ngati munangodula pafupi. Mchira uliwonse usiyeni masentimita 10 kapena kuposa, muulowetse m'munsi mwa matirebulo kupita uko n'kubwerera.

Pamasulidwe silipi sitichi ilibe mnzake. Mukaona kuti mwaika sikweya mozondoka, mumangochotsa huku n'kukoka ulusi, msoko wonse fwaa. Msoko wa singano mumachita kuutola umodziumodzi, ndipo ukakhala wakuda, madzulo magetsi atazima, kuli bwino kungodikira kuche.

Pali malo amodzi amene singano imapambana poyera. Ambiri timasakaniza ulusi: wina wogula watsopano, wina womasula ku majuzi a kaunjika a ku Mupedzanhamo ku Mbare. Ngakhale masitichi akhale 17 mbali zonse, sikweya ina imatuluka masentimita 12, ina 12.5. Ndi singano mutha kukoka pang'ono apa, kumasula apo, kusiyanako n'kumwazika. Silipi sitichi imafuna masikweya ofanana. Kusiyana kukafika sentimita yathunthu, palibe msoko ungakonze, lukaninso mzere womaliza ndi huku ina. Kusiyana kochepa mutha kukuchotsa musanalumikize: bayani sikweya ndi mapini pa thaulo pa muyeso umodzi, muipemerere nthunzi ya ayironi. Ayironiyo isakhudze ulusi, akiriliki amasungunuka ndipo sabwereranso.

Pa mphambano, pamene makona anayi akumana, njira zonse ziwiri zimafuna maso. Yambani mwamaliza misoko yonse ya m'litali osadula pakati pa sikweya ndi inzake, kenako ya m'lifupi. Kona ili ndi matcheni awiri, ndipo msoko uliwonse utenge imodzi yokha, inayo ndi ya msoko wodutsa. Mukatenga onse awiri ulendo woyamba, makona amasemphana ndipo pamatsala kabowo kolowa chala. Ndi huku, mukafika pa msoko wa m'litali uja lukani tcheni imodzi kuti mudumphe, apo ayi pamachita kachotupa.

Ine bulangete la tsiku ndi tsiku, lochapidwa pamanja n'kumakokedwa ndi ana, ndimalilumikiza ndi silipi sitichi yogona ija ndi huku ya mamilimita 5. Singano ndimaisungira kashawelo ka khanda, kamene masikweya ake ndi ochepa ndipo mzere uliwonse wotumphuka umadinda pakhungu, komanso bulangete la ulusi wosakaniza. Lililonse mwa awiriwa, mukachapa musalipachike m'mphepete mwake pa waya lili chinyowere, chifukwa kulemera kwa madzi kumakoka masikweya kusiya misoko. Lifinyeni m'thaulo, mulipinde pakati, kapena muliyanike chogoneka pamkeka.